Mizere inayi ndi 50 tambala: kusanthula kotesheni ndi invoisi yake

Kotesheni yolembedwa bwino imadziwika ndi chinthu chimodzi: woilandira saimba foni kuti afunse tanthauzo la nambala ina iliyonse. Makalata awiri amene tiwasanthule pano ndi a mtundu umenewo. Ndi a wogulitsa zipangizo zomangira, opita pa imelo kwa msungichuma wa komiti yomwe ikumanga nyumba ya mphunzitsi. Yoyamba ndi kotesheni, yachiwiri ndi invoisi yomwe ikutsatira katundu atafika. Mawu ake ndi ochepa, ndipo palibe chiganizo chofuna kudzionetsa. Luso lonse lili m'kalembedwe ka ndalama ndi miyeso, ndiponso m'malo omwe mlembi waikamo mpatuliro, kadontho ndi madontho awiri. Kalata yoyamba ili motere:

> Mutu: Kotesheni nambala 118, ya pa 11 Juni 2024
>
> Mayi Msungichuma,
>
> Nayi mitengo ya katundu amene munafunsa. Ndalama zonse m'kalata muno ndi makwacha a ku Malawi, MWK, ndipo mitengo ya m'mizere inayi ili m'munsiyi ilibe msonkho wa VAT.
>
> 1. Simenti, thumba la 50 kg: matumba 40 × K23,500.00 = K940,000.00
> 2. Malata, geji 28, mafiti 12: malata 36 × K14,250.00 = K513,000.00
> 3. Misomali ya malata: 12.5 kg × K4,800.00 = K60,000.00
> 4. Penti woyera, ndowa ya 20 L: ndowa 3 × K86,500.00 = K259,500.00
>
> Zonse pamodzi, popanda VAT: K1,772,500.00
> Msonkho wa VAT, 16.5%: K292,462.50
> Zolipira: K2,064,962.50
> Powerenga: 2 miliyoni, 64 sauzande, 962 kwacha ndi 50 tambala.
>
> Mitengoyi ikhala chomwechi kwa masiku 14, kufikira pa 25 Juni 2024.

Tiyambe ndi ndime yotsegulira, yomwe ili ndi ziganizo ziwiri zokha. Choyamba ndi cha ulemu wamba, chongouza mayiyo kuti pempho lawo layankhidwa. Chachiwiri ndi chomwe chikunyamula kalata yonse, chifukwa chikukhazikitsa malamulo awiri nambala yoyamba isanaoneke: ndalamazo ndi za dziko liti, ndipo msonkho ulimo kapena mulibe. Taonani kuti MWK watchulidwa kamodzi kokha, kenako mlembi akugwiritsa ntchito K mpaka kumapeto. Uku ndi kusankha kolingalira. Chilembo cha K ndi chomwe aliyense amachiona pa zikwangwani za m'sitolo ndi m'manyuzipepala, motero diso silipunthwa nacho. Vuto lake ndi loti si cha Amalawi okha, popeza Azambia nawonso amalemba K patsogolo pa ndalama yawo. Kwa munthu wa ku Mchinji amene amagula zina ku Chipata, K500 wa uku ndi K500 wa uko ndi ndalama zotalikirana kwambiri. Zilembo zitatu za MWK, monganso ZMW wa ku Zambia, ndi za mndandanda wa ISO 4217 umene mabanki amagwiritsa ntchito, ndipo sizisokonezeka ndi ndalama ina iliyonse. Azambia anachita kusintha zilembo zawo kuchoka pa ZMK kupita pa ZMW pa 1 Januwale 2013, pomwe anadula maziro atatu pa kwacha yawo, kuti mapepala akale ndi atsopano asamawerengedwe ngati a ndalama imodzi. Mlembi wathu watenga ubwino wa njira zonse ziwiri: watseka khomo la chisokonezo ndi MWK pachiyambi, kenako wasiya K wopepuka kuti ayende m'mizere. Chomwe wakana kuchita ndi chomwe ambiri amachita osazindikira, kulemba MK pamzere woyamba, K pa wachiwiri ndi mawu akuti kwacha pa wachitatu. Wowerenga wosamala akaona kusinthasintha kotero amaima n'kudzifunsa ngati kusinthako kuli ndi tanthauzo, ndipo kuima kumeneko ndi chiyambi cha kukayikira.

Theka lachiwiri la chiganizocho, lonena za VAT, laikidwa patsogolo pa mitengo osati pambuyo pake. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Msungichuma amene wawerenga K23,500.00 asanauzidwe kuti mulibe msonkho amaisunga m'mutu ngati mtengo wa thumba, ndipo akafika m'munsi n'kupeza K292,462.50 yowonjezera amamva ngati wabisiridwa kanthu. Akauzidwa poyamba, mzere wa msonkho umafika ngati chinthu chomwe amachiyembekezera. Nambala ndi zomwe zija, koma dongosolo lomwe zafikira lasintha mmene zikulandiridwira.

Mtima wa kalatayi ndi mizere inayi ya katundu, ndipo kamangidwe kake ndi kamodzi kobwerezedwa kanayi. Mzere uliwonse uli ndi magawo awiri olekanitsidwa ndi madontho awiri. Kumanzere kuli dzina la chinthu ndi kufotokoza kwake, kumanja kuli masamu: kuchuluka, mtengo wa chimodzi, ndi zotsatira zake. Mpanda wa madontho awiriwu ndi wofunika kwambiri pamzere wa malata, pomwe pali manambala atatu ang'onoang'ono oyandikana, 28, 12 ndi 36. Awiri oyambawo akufotokoza lata lenilenilo, kupyapyala kwake ndi kutalika kwake, ndipo sayenera kuchulukitsidwa ndi chilichonse. Wachitatu yekha ndiye kuchuluka kwa zomwe zikugulidwa. Mzerewu ukanalembedwa kuti "malata 36 12 28 geji", monga zimalembedwera pa timapepala ta m'sitolo, wonyamula katundu akanatha kupakira malata 28, kapena a mafiti ena, ndipo sakanakhala wolakwa. Apa nambala iliyonse yamangiriridwa ku mawu ake, geji, mafiti, malata, ndipo yokhayo yomwe ili kuseri kwa madontho awiri ndi yomwe ikulowa m'masamu. Mzere wa simenti ukuchita zomwezo ndi 50 kg ndi matumba 40, wa penti ukuchita zomwezo ndi 20 L ndi ndowa 3.

Wina angafunse chifukwa chomwe mlembi sanagwiritse ntchito tebulo la mabokosi, lomwe limaoneka laudongo. Yankho lili m'njira yomwe kalatayi ikuyendera. Imelo yolembedwa pa kompyuta nthawi zambiri imawerengedwa pa foni, ndipo manambala omwe anayalidwa pansi pa anzawo pogwiritsa ntchito mipata amabalalika pa galasi laling'ono. Mzere umathyoka pakati, mtengo wa malata n'kugwera pansi pa misomali. Mlembi wadalira dongosolo la mawu m'malo mwa dongosolo la malo. Ngakhale mzere utathyoka paliponse, zizindikiro za × ndi = zikunenabe kuti nambala iyi ndi chiyani kwa inzake. Kubwerezaku kulinso ndi kayendedwe kake kwa wowerenga mokweza pamaso pa komiti: dzina, kupuma, kuchuluka, mtengo, zotsatira. Pofika pamzere wachiwiri khutu laphunzira kale njira, ndipo likudziwa chomwe chikubwera.

Chifukwa cha kuzolowera kumeneku, mzere wachitatu umamveka mosiyana nthawi yomweyo, ndipo ndi woyenera kutero. Misomali ilibe thumba kapena ndowa yowerengera, imagulidwa poyeza pa sikelo. Motero kumanzere kwa madontho awiri kuli dzina lokha, ndipo muyeso wa kg, womwe pamzere woyamba unali mbali ya kufotokoza, pano wawolokera kumanja n'kukhala kuchuluka kwenikweni. Uwu ndi mzere wokhawo womwe kuchuluka kwake kuli ndi kadontho, 12.5, ndipo mlembi sanalembe "12 ndi hafu" kapena 12½. Mawu akuti hafu ndi omwe anthu amanena pa kauntala, koma sangatayipidwe pa kakyuleta osamasuliridwa kaye, ndipo kachizindikiro ka ½ ndi kakang'ono moti pa foni kamaphonyeka mosavuta. Kadontho nakonso kangathe kuphonyeka, 12.5 n'kuoneka ngati 125, koma apa kamangidwe ka mzere kakudziteteza kokha. Aliyense wochulukitsa 125 ndi K4,800.00 apeza K600,000.00 osati K60,000.00 yomwe yalembedwa, ndipo adziwa pompo kuti wawerenga molakwa. Ichi ndi chifukwa chake mtengo wa chimodzi ndi zotsatira zonse ziwiri ziyenera kuoneka. Mzere wokhala ndi manambala atatu ogwirizana umadzichitira wokha umboni, pomwe wokhala ndi nambala imodzi umangopempha kuti ukhulupiriridwe.

Kalembedwe ka miyeso nakonso n'kosasintha. Pali mpata pakati pa nambala ndi chizindikiro chake, 50 kg, 12.5 kg, 20 L, ndipo kg walembedwa ndi zilembo zazing'ono, wopanda s kumapeto ndiponso wopanda kadontho. Umu ndi momwe malamulo a miyeso ya SI amafunira, popeza kg ndi chizindikiro osati mawu ofupikitsidwa, ndipo sichisintha kaya kilogalamu ndi imodzi kapena ndi zambiri. M'kalata ngati iyi lamuloli lili ndi phindu lina lapadera. K wamkulu ali kale ndi ntchito, ndiye ndalama. Akalowanso m'miyeso, monga mu 50Kgs, kapena akagwiritsidwa ntchito kutanthauza sauzande, monga mmene anthu amalembera 60K pa mauthenga a pa foni, chilembo chimodzi chimakhala ndi matanthauzo atatu pa tsamba limodzi. Mlembi wasiya K wamkulu kuti akhale wa kwacha yekha. Pa malita wasankha L wamkulu, yemwe ndi wololedwa mofanana ndi wamng'ono, chifukwa l wamng'ono akaima pafupi ndi 20 amaoneka ngati 1, ndowa ya malita 20 n'kusanduka 201. Mafiti okha ndi omwe alembedwa ngati mawu athunthu. Malata amagulitsidwabe ndi kutchulidwa m'mafiti ngakhale dziko limayeza m'mamita, ndipo mlembi sanayese kuwasandutsa mamita kuti afanane ndi mizere ina. Kusasinthasintha kwake si kokakamiza zinthu zonse kukhala mu muyeso umodzi, koma kopatsa chinthu chilichonse muyeso womwe wogula ndi wopakira onse amaudziwa, n'kuusunga mpaka kumapeto.

Tsopano tifike pa zizindikiro ziwiri zomwe zili mkati mwa ndalama zenizenizo. Mpatuliro ukugawa manambala m'magulu a atatu kuchokera kumanja, kadontho kakulekanitsa kwacha ndi tambala, ndipo ndalama iliyonse ikutha ndi manambala awiri kuseri kwa kadonthoko. Mwa ndalama khumi ndi imodzi zomwe zili m'kalatayi, zisanu ndi zinayi zikutha ndi .00, zomwe wina angaziyese zongodzaza malo m'nthawi yomwe tambala sagula kanthu pamsika. Koma ziwiri zotsalazo zikutha ndi .50, ndipo ndi zomwe zikupereka tanthauzo kwa maziro onse aja. Msonkho wa 16.5% pa K1,772,500.00 sukutha bwinobwino pa kwacha, ukusiya 50 tambala. Zikanakhala kuti ndalama zina zalembedwa zopanda mchira, K292,462.50 ikanaoneka yaitali kuposa K940,000 ngakhale ili yaing'ono, ndipo diso lothamanga likanasokera. Ndalama zonse zikakhala ndi mchira wofanana, kutalika kwa nambala kumanena zoona za kukula kwake. Izi zikugwira ntchito ngati chingwe chomwe mmisiri amakoka poyala njerwa: njerwa imodzi ikatuluka pamzere imaonekera patali. M'kalata momwe ndalama iliyonse ili ndi nkhope imodzi, K51,3000.00 kapena K60,000.0 sizingabisale. Cholakwacho chimaoneka wina asanayambe n'komwe kuwerengetsa.

Kusunga njira imodzi n'kofunikanso chifukwa anansi athu salemba mofanana nafe. Ku Mozambique, potsatira kalembedwe ka Chipwitikizi, mpatuliro ndi womwe umalekanitsa ndalama yathunthu ndi tizigawo take, ndipo kadontho kapena mpata ndi zomwe zimagawa masauzande. Wamalonda wa ku Tete akalemba 12,5 akutanthauza zomwe ife timalemba 12.5, ndipo 4.800 kwa iye ndi masauzande anayi ndi mazana asanu ndi atatu. Ku South Africa nako kalembedwe kovomerezeka kamaika mpatuliro patsogolo pa masenti. Nambala yokhala ndi chizindikiro chimodzi chokha, monga 4,800 kapena 4.800, ikhoza kuwerengedwa pawiri malinga ndi komwe wowerenga anaphunzira. Koma K4,800.00 ili ndi zizindikiro zonse ziwiri, ndipo manambala awiri a kumapetowo akuulula okha kuti kadontho ndiko kakulekanitsa tambala. Maziro awiri aja, omwe amaoneka opanda ntchito, ndi omwe akuphunzitsa mlendo kawerengedwe ka kalata yonse.

Pali umboni wina wosonyeza kuti manambalawa anachokera m'manja osamala. Mitengo yotere kawirikawiri imawerengetsedwa kaye mu Excel isanakoperedwe mu imelo, ndipo m'menemo ndi momwe cholakwika chobisika kwambiri chimabadwira. Munthu akatayipa yekha K60,000.00 m'bokosi, pamodzi ndi chilembo cha K, nthawi zambiri pulogalamuyo imaitenga ngati mawu osati nambala. Lamulo lophatikiza, monga ili,

```
=SUM(E2:E5)
```

limadumpha bokosi lotero mwakachetechete, osadandaula chilichonse. Misomali ikanadumphidwa choncho, zonse pamodzi zikanatuluka K1,712,500.00 ndipo wogulitsa akanataya K69,900.00 pamodzi ndi msonkho wake. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona kwa wochidziwa: nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa bokosi, pomwe yomwe yatengedwa ngati mawu imatsamira kumanzere. Njira yabwino ndi kutayipa 60000 yekha, n'kuuza pulogalamuyo kuti izionetsa mabokosi onse a ndalama motere:

```
"K"#,##0.00
```

Ikatero, K, mipatuliro ndi maziro awiri zimabwera zokha mofanana paliponse. Kufanana komwe tikuona m'kalatayi ndi kotereku, ndipo mizere inayi ikaphatikizidwa pamanja ikupereka ndendende K1,772,500.00 yomwe yalembedwa.

Gawo lachitatu la kalatayi ndi mizere itatu ya kuphatikiza, yomwe ikukwera ngati masitepe: popanda msonkho, msonkho, zolipira. Mayina a mizereyi akufupika pamene ndalama ikufika pachimake. Woyamba uli ndi mawu anayi, womaliza uli ndi amodzi okha, "Zolipira", ndipo kufupikako kukuchititsa kuti nambala yofunika kwambiri iime yopanda chophimba. Mlembi sanabwereze mawu akuti "zonse pamodzi" pa mizere iwiri, zomwe zikanasiya msungichuma akusankha kuti zonse zenizeni ndi ziti. Walembanso 16.5% poyera m'malo mongoti msonkho, motero aliyense angathe kuchulukitsa yekha n'kupeza K292,462.50 yomweyo. Mlingo wa msonkho umasinthidwa ndi boma nthawi zina, ndipo pepala lomwe likunena mlingo womwe linagwiritsa ntchito limamvekabe ngakhale litawerengedwa patapita zaka. Taonaninso kuti mizere itatuyi ilibe mpumiro kumapeto. Ndalama yothera pa .50 ikatsatiridwa ndi mpumiro imakhala ndi madontho awiri oyandikana, limodzi la masamu lina la chiganizo, ndipo wokopera nambalayo kuti akailipire pa foni kapena ku banki angatenge lachiwirilo limodzi nayo. M'makalata onse awiri mulibe chiganizo chothera pa ndalama yolembedwa m'manambala okhaokha. Paliponse pomwe ndalama yotere yakhala kumapeto, yaima pamzere wakewake wopanda mpumiro. Mulibenso malo omwe ndalama ziwiri zayandikana zolekanitsidwa ndi mpatuliro wa chiganizo, chifukwa mpatuliro wotero ungasakanikirane ndi wa masauzande.

Mzere wa "Powerenga" ndi womwe ukuonetsa kuti mlembi amadziwa amene akumulembera. Chizolowezi cholemba ndalama kawiri, m'manambala ndi m'mawu, n'chodziwika pa macheke, ndipo lamulo la ku Britain la 1882 lokhudza mapepala olipirira limati ziwirizi zikasemphana, yolembedwa m'mawu ndi yomwe ilipidwe. Cholinga chake ndi choti ndalama imodzi ikhale ndi mboni ziwiri. Koma kulemba 2,064,962 yonse m'mawu a Chichewa chokhachokha, ndi makumi ake asanu ndi limodzi kudza zinayi, kungatulutse chiganizo chachitali chomwe mwini wake yemweyo angasokere nacho. Mlembi walemba mmene anthu amatchulira ndalama pakamwa: 2 miliyoni, 64 sauzande, 962 kwacha ndi 50 tambala. Mipatuliro ya chiganizochi ikugwa ndendende pomwe pali mipatuliro ya nambala ija, ndipo mawu akuti "ndi" akutenga malo a kadontho. Mzerewu ndi chithunzi cha womwe uli pamwamba pake, chojambulidwira khutu. Phindu lake lili pa gulu lapakati, 064. Ziro woyamba gulu ndi amene amatayika kawirikawiri munthu akamakopera kapena kutchula pa foni, 2,064,962 n'kusanduka 264,962 kapena 2,640,962. Kunena kuti 64 sauzande kukutseka maenje onse awiri. Ndipo msungichuma, amene ayenera kuima pamaso pa komiti n'kutchula ndalamayo mokweza, wapatsidwa kale mawu oti anene.

Chiganizo chomaliza chikunena nthawi m'njira ziwiri, masiku 14 ndi tsiku lenileni, mofanana ndi mmene ndalama yanenedwera kawiri. Mwezi walembedwa dzina lake, Juni. Zikanalembedwa 11/06/2024, wozolowera kalembedwe ka ku America, komwe makompyuta ambiri amabwera nako, akanawerenga 6 Novembala. Malire a nthawiwa si mwambo chabe. Kotesheniyi ndi ya miyezi yochepa chichitikireni kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, pomwe mitengo ya katundu wochokera kunja inasintha m'masiku ochepa. Mtengo wopanda tsiku lothera ndi lonjezo lomwe wogulitsa sangathe kulisunga, ndipo tsikulo liyenera kulembedwa mosamala mofanana ndi ndalamayo.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, ndipo mphamvu yake ili m'kubwereza yoyamba ija:

> Mutu: Invoisi nambala 74, yochokera pa kotesheni nambala 118
>
> Mayi Msungichuma,
>
> Katundu yense wafika pamalo pa 19 Juni 2024, monga mwa kotesheni nambala 118. Mizere inayi ya katundu ndi yomwe ija, ndipo ili m'chikalata chomwe chabwera limodzi ndi imelo ino.
>
> Zolipira: K2,064,962.50
> Zomwe munalipira pa 14 Juni 2024: K1,000,000.00
> Zotsala: K1,064,962.50
> Powerenga: 1 miliyoni, 64 sauzande, 962 kwacha ndi 50 tambala.
>
> Tikupempha kuti zotsalazi zilipiridwe pofika pa 3 Julayi 2024.

Invoisiyi ikuyambira pomwe kotesheni inathera. Mzere wakuti "Zolipira: K2,064,962.50" wabwera osasintha ngakhale chilembo chimodzi, ndipo msungichuma akaika mapepala awiriwa pamodzi sakufunika kuwerengetsa kanthu kuti aone kuti akugwirizana. Apa ndi pomwe alembi ambiri amagwa. Pokumbutsa za ngongole amayamba kulankhula momasuka, n'kulemba kuti "K2.06 miliyoni" kapena "pafupifupi K2.1 miliyoni" m'thupi la imelo, chikalata chenicheni chili ndi nambala ina. Kalembedwe ka K2 miliyoni n'koyenera m'nyuzipepala, pomwe owerenga akufuna kukula kwa ndalama chabe. M'kalata yopempha malipiro kamabala nambala yachiwiri yomwe wina angalipire, ndipo K2.06 miliyoni ikuperewera ndi K4,962.50 pa yeniyeni ija. Mlembi wathu wakana chidule chotere ngakhale pomwe chinali chokopa kwambiri. Komiti inalipira miliyoni imodzi yathunthu, koma iye walemba K1,000,000.00 ndi maziro ake onse, kuti iime pakati pa zinzake ziwiri ndi kutalika kofanana, ndipo kuchotsera kuoneke ndi maso.

Masitepe atatu aja abwereranso, koma tsopano akutsika: zolipira, zolipidwa, zotsala. Dzina lomaliza ndi mawu amodzi ngati poyamba. Zolipira ndi zotsala zikusiyana pa nambala imodzi yokha, 2 ndi 1 wa kumayambiriro, ndipo kufanana kotereku n'koopsa kwa wokopera mothamanga. N'chifukwa chake mzere wa "Powerenga" waikidwa pansi pa zotsala osati pansi pa zolipira. M'kalata iliyonse mwa ziwirizi, ndalama imodzi yokha ndi yomwe yanenedwa kawiri, ndipo ndi yomwe wowerenga ayenera kuchitapo kanthu. Ndi njira yotsindikira yosadalira zilembo zakuda kapena mitundu, zomwe zimatha kufufutika imelo ikatumizidwa kwa wina kapena ikasindikizidwa.

50 tambala ija yafikanso mpaka m'zotsala, ngakhale palibe amene adzaitulutse m'thumba. Mlembi akanatha kuidula, koma akanatero invoisi ikanasiyana ndi kotesheni, ndipo msonkho wolembedwa sukanagwirizananso ndi 16.5% ya mtengo. Kwa wolondoloza mabuku a komiti, kusiyana kwa 50 tambala kopanda chifukwa cholembedwa kumafuna kufufuzidwa mofanana ndi kusiyana kwa K50,000.00, popeza sangadziwe ngati ndi kudula mwadala kapena mchira wa cholakwa chachikulu. Wogulitsa akafuna kukhululuka tambalazo, malo ake ndi mzere wina wowonjezera wonena kuti zachotsedwa, osati kusintha nambala mwakachetechete.

Kalembedwe kotere kali ndi malire ake, ndipo makalatawa akuwadziwa. Kusasinthasintha sikungakonze mtengo wolakwika. Thumba la simenti likanalembedwa K32,500.00 m'malo mwa K23,500.00 kuchokera pachiyambi, masamu onse akanayendabe bwino pamwamba pa cholakwacho. Imelo nayonso silowa m'malo mwa invoisi ya msonkho, yomwe imakhala ndi dzina la wogulitsa ndi nambala yake ya msonkho yochokera ku MRA, ndipo n'chifukwa chake kalata yachiwiri ikulozera ku chikalata chomwe chabwera nayo m'malo mobwereza zonse. Chomwe kalembedweka kamachita ndi kuchepetsa malo omwe cholakwa chingabisale. Kamasiya malo amodzi okha, mtengo wa chinthu chimodzi, ndipo malo amenewo wogula angawatsimikizire pofunsa m'sitolo ina. Zina zonse, kuchuluka, kuchulukitsa, msonkho, zolipidwa ndi zotsala, msungichuma angaziyese yekha ndi kakyuleta ya pa foni asanalipire.